Kumvetsera mabuku pa Spotify: kusamala maola 15 ndi kupitiriza pomwe munalekezera

Ndimagwira ntchito ku Leeds, ndipo basi yopita kuntchito imanditengera mphindi 35, pobwerera chimodzimodzi. Mphindi 70 zimenezo ndi zimene ndimamvetsera mabuku. Mwezi woyamba ndinamaliza maola anga onse 15 a mabuku amene Spotify imapereka pamwezi pasanathe masabata awiri, buku lili pakatikati. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinkawerenga nthawi ndi wotchi ya pamkono pamene Spotify imawerenga ndi wotchi ya bukulo. Malangizo awa akuchokera pa kusiyana kwa mawotchi awiriwo, komanso pa funso lina lofanana nalo: foni ndi laputopu zikasiyana mawu za pomwe munalekezera, chimapambana ndi chiti?

Choyamba, onani ngati maolawo muli nawo

Spotify inayamba kuphatikiza mabuku omvetsera mu Premium, pulani yake yolipira, mu Okutobala 2023 ku Britain ndi ku Australia, kenako ku Amereka mu Novembala chaka chomwecho. Canada, Ireland ndi New Zealand analowa mu 2024. M'mayiko amenewa mulingo ndi maola 15 pamwezi. Kumayiko ena a ku Ulaya, monga France ndi Germany, ndi maola 12. Si mayiko onse amene ali ndi mwayiwu, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi dziko limene akaunti yanu inalembetsedwa, osati kumene mwaima lero.

Kuti mudziwe, tsegulani pulogalamuyo pafoni, dinani Search, ndipo onani ngati pali gawo la Audiobooks. Tsegulani buku lililonse. Ngati pali mawu akuti Included in Premium, bukulo limamvetseredwa ndi maola a mwezi. Ngati pa batani loyambitsira pali chithunzi cha loko, ndiye kuti bukulo ndi logula palokha, kapena mtundu wa akaunti yanu ulibe maola.

Apa m'pamene mabanja ambiri amakanganira. Pa Premium Duo ndi Premium Family, maola a mwezi amapita kwa mwini wake wa pulani, amene amalipira uja. Amayi a kunyumba kapena mwana amene anangoitanidwa kulowa m'pulaniyo amamva nyimbo zonse popanda vuto, koma akatsegula buku amapeza loko. Foni yawo sinawonongeke ayi. Kuti nawonso akhale ndi maola awoawo pamafunika chowonjezera cholipira chotchedwa Audiobooks+, chimene mwini pulani amawagulira. Musabwereke akaunti yanu kuti muthetse vutoli. Akaunti imodzi imalira pachipangizo chimodzi panthawi imodzi, choncho mnzanuyo akayatsa kwake, kwanu kumazima, ndipo ngati mukumvetsera buku limodzi muzisokonezerana malo tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, dziwani tsiku limene maola amabwerera

Maola sabwerera pa 1 mwezi uliwonse. Amabwerera tsiku limene ndalama ya Premium imadulidwa. Ine tsiku langa ndi pa 9. Lanu mulipeza mukadina chithunzi chanu pakona ya pamwamba, kenako Settings and privacy, kenako Account, n'kutsegula pulani yanu. Pomwepo pali gawo la nthawi yomvetsera mabuku, losonyeza maola amene mwadya ndi masiku otsala kuti atsopano abwere. Kaikidwe ka mabatani kamasinthasintha pulogalamu ikakonzedwanso, ndiye mukasochera lowani pa tsamba la akaunti ndi msakatuli:

```
spotify.com/account
```

Lembani tsikulo penapake. Maola otsala sasungidwa. Mukamvetsera maola 4 okha mwezi uno, maola 11 enawo apita basi, mwezi wamawa muyambanso ndi 15. Zili ngati bandulo ya mwezi: kaya mwaigwiritsa ntchito kaya ayi, tsiku likakwana yatha.

Chachitatu, mvetsani chimene chimadya maola

Pano ndikhalitsapo, chifukwa zonse zikutsamira apa.

Maola amawerengedwa ndi kutalika kwa mawu amene adutsa, monga momwe wowerenga anawajambulira pa liwiro lake lachibadwa, lija lolembedwa 1x. Mukakweza liwiro kufika pa 1.5x, chaputala cha ola limodzi muchimaliza m'mphindi 40, koma pa maola anu pachoka ola lathunthu. Kuthamangitsa kumakupulumutsirani nthawi ya tsiku lanu, osati maola a mwezi. Kunena zoona kumawamaliza msanga. Mphindi zanga 70 za m'basi pa 1.5x zimadya mphindi 105 za buku, ndiye kuti ola limodzi ndi mphindi 45 tsiku lililonse.

Kubwereza kumadyanso. Mukamva chaputala kawiri, chawerengedwa kawiri. Kabatani kobwerera m'mbuyo masekondi 15 kamaoneka kopanda vuto, ndipo kudina kamodzi kapena kawiri sikungakusaukitseni, koma munthu amene maganizo ake amathawathawa n'kumabwerera mphindi zisanuzisanu amataya maola osadziwa. Kumvetsera popanda intaneti nakonso kumawerengedwa. Kudawuniloda buku sikudya maola, koma sikukupatsaninso njira yozembera mulingo: maola akatha, buku limatsekedwa ngakhale lili m'foni momwemo.

Zimene sizidya maola ndi nyimbo, mapodikasiti, ndi mabuku amene munagula paokha. Buku logula ndi lanu kulimvetsera kangati konse.

Tsopano tiyeni titenge buku lenileni la maola 22 ndi mphindi 40, ngati limene linandiphunzitsa zonsezi. Kutalika kwa buku kumalembedwa pa tsamba lake musanaliyambe, ndipo m'pofunika kuyang'ana nambala imeneyo musanakopeke ndi chikuto.

Nditaliyamba pa 9, tsiku lomwe maola anabwera, ndinkadya mphindi 105 patsiku la ntchito. Maola 15 ndi mphindi 900. Gawani 900 ndi 105, mupeza masiku asanu ndi atatu ndi theka. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi la ntchito buku linaima, kutatsala maola 7 ndi mphindi 40, ndipo pa 9 potsatira panali patali masabata awiri ndi masiku angapo. Pofika nthawiyo mayina a anthu ena a m'nkhaniyo ndinali nditawaiwala, ndipo ndinadyanso pafupifupi ola ndikubwereza kuti ndikumbuke.

Buku lomwelo likanayenda bwino ndikanaliyamba cha pa 27. Kuchokera pa 27 kufika pa 8 pamakhala masiku a ntchito pafupifupi asanu ndi anayi, okwanira kumaliza maola 15 a mwezi umenewo, ndipo m'mawa mwake atsopano afika. Maola 7 ndi mphindi 40 otsalawo ndi mphindi 460, zimene pa 105 patsiku zimatha m'masiku asanu. Buku lonse latha m'masabata atatu popanda kudukiza, ndipo mwatsala ndi maola 7 ndi mphindi 20 oti mumvere kabuku kafupi mwezi usanathe. Njirayi imafuna kudziletsa: kuyambira pa 9 mpaka pa 27 musakhudze maolawo, mudzisangalatse ndi mapodikasiti ndi nyimbo.

Werengani zanu motere. Tengani mphindi zimene mumamvetsera patsiku, chulukitsani ndi liwiro lanu, ndipo gawani 900 ndi yankholo. Mwapeza masiku amene maola 15 amakukhalirani. Buku likapitirira maola 15, bwererani m'mbuyo masiku amenewo kuchokera pa tsiku lanu lolipira, ndipo liyambeni pamenepo. Buku la maola opitirira 30 silingathe m'miyezi iwiri ndi maola a mwezi okha, ndipo lotero ine ndimaona kuti kuligula palokha, kapena kulibwereka kudzera ku laibulale ya m'dera lanu, kuli bwino kuposa kulidula zidutswa zitatu.

Maola akatha buku litafika pokoma, pali kugula owonjezera. Amagulitsidwa maola 10 nthawi imodzi pa tsamba la akaunti, amakhala miyezi 12 kuchokera tsiku logula, ndipo amayamba kudyedwa pokhapokha a mwezi atatha. Choncho m'chitsanzo chathu chija, mutagula 10 n'kumaliza maola 7 ndi mphindi 40, maola 2 ndi mphindi 20 otsalawo akudikirani mwezi wina umene mudzaperewere. Musanagule, yerekezani mtengo wake ndi mtengo wa bukulo palokha. Ngati ndi buku limene mudzafune kulimvanso, kuligula kumapambana.

Chachinayi, tulo

Wakuba wamkulu wa maola ndi tulo. Munthu amagona 10 koloko usiku buku likulira, n'kudzidzimuka 3 koloko m'mawa wowerenga akadali pakalikiliki. Maola 5 apita. Kuti amve zimene zinamudutsa ayenera kubwerera, n'kudyanso maola ena 5. Usiku umodzi wamudyera maola 10 pa 15. Ngati liwiro linali pa 1.5x, maola 5 a tulo aja ndi maola 7 ndi theka a buku, ndipo kubwereza kwake kumamaliza mwezi wonse ndendende.

Mankhwala ake ndi wotchi yozimitsira imene ili pa sikirini yoseweretsera buku. Dinani kachithunzi kake, ndipo musankha mphindi 5, 10, 15, 30, 45, ola limodzi, kapena kumapeto kwa chaputala. Pogona ine ndimasankha mphindi 15, ndipo ndikakhala ndikadali maso ndimaikanso zina 15. Kumapeto kwa chaputala kumamveka kwanzeru, koma yang'anani kaye kutalika kwake, poti mabuku ena ali ndi machaputala opitirira ola. Wotchiyi muziitchera usiku uliwonse, musaganize kuti ya dzulo ikugwirabe.

Samalaninso ndi galimoto ndi mahedifoni a Bluetooth. Zina mwa zipangizozi zikangolumikizana ndi foni zimayambitsa chomwe chinkalira komaliza. Buku likhoza kumawerengedwa galimoto itatsitsidwa mawu, kapena mahedifoni ali m'chikwama. Mukamaliza kumvetsera, yatsani nyimbo imodzi kwa masekondi angapo n'kuimitsa. Chikadzayamba chokha chidzakhala nyimbo, ndipo malo anu m'buku asungika.

Chachisanu, chizindikiro cha pomwe mwalekezera

Musanayambe buku, lisungeni mu Your Library podina batani la +. Mukatero muzilipeza mwachangu pansi pa Audiobooks m'laibulale yanu, osati kulifufuza mwatsopano. Izi zili ndi phindu lina. Buku limodzi nthawi zina limapezeka kawiri kapena katatu, lowerengedwa ndi anthu osiyana, kapena lina lathunthu lina lofupikitsidwa. Mukafufuza ndi dzina palaputopu n'kutsegula mtundu wina, mupeza likuyambira pa chiyambi n'kuganiza kuti malo anu atayika, chonsecho mwalowa nyumba ya eni.

Spotify imasunga yokha malo amene mwaimira. Chizindikiro chimenechi chili ngati chala chimene mwaika pakati pa masamba: chimayenda nanu. Mukadumphira ku chaputala 30 mwangozi foni ili m'thumba, chala chapitanso ku 30, ndipo pomwe munali sichikumbukanso. Chimene chingakuthandizeni ndi mndandanda wa machaputala pa tsamba la bukulo, umene umasonyeza omwe mwamaliza ndi mphindi zotsala pa omwe munawasiyira panjira. Yang'anani chaputala choyambirira chimene sichinathe, nthawi zambiri m'pamene munali.

Komabe ine sindidalira zimenezo zokha. Ndikamatsika basi ndimaimitsa buku n'kujambula sikirini. Chithunzicho chimagwira dzina la chaputala ndi mphindi yake, tinene chaputala 14 pa 23:10, komanso nthawi ya tsiku. Ndi sekondi imodzi yokha, ndipo zithunzi zakale ndimafufuta Lamlungu. Ndimachitanso chimodzimodzi ndisanagone, kotero ngakhale wotchi yozimitsira nditaiwala, ndimadziwa pobwerera popanda kufufuza ndi khutu, kumene nakonso kumadya maola. Mawu amene ndikufuna kudzawamvanso ndimawalemba m'kabuku ka m'foni: dzina la buku, chaputala, mphindi, ndi mawu awiri atatu ondikumbutsa. Dziwani kuti mphindi zimene mukuona pa sikirini ndi za chaputalacho, osati za buku lonse, ndiye nambala yopanda chaputala ilibe ntchito.

Chachisanu ndi chimodzi, kuchoka pafoni kupita pa chipangizo china

Malo anu amasungidwa pawiri: m'chipangizo chimene mukumvetsera, ndi pa akaunti yanu ku makompyuta a kampaniyo. Chipangizo chikakhala pa intaneti chimatumiza malowo ku akaunti, ndipo zipangizo zina zimakawatenga kumeneko. Chikakhala chopanda intaneti, chimasunga chokha mpaka chitapeza netiweki. Pafupifupi chisokonezo chonse cha malo chimabadwira pa mpata umenewu.

Taonani mmene zimachitikira. M'mawa mwamvetsera pafoni buku lodawuniloda, deta itazimitsidwa, kuchoka pa chaputala 12 kufika pa 14. Akaunti ikudziwabe 12. Madzulo mwatsegula laputopu, ikukuonetsani 12, inu osayang'ana mwadina kuyamba. Tsopano akaunti yalandira uthenga watsopano woti muli pa 12, ndipo foni ikadzalumikizana pali mauthenga awiri otsutsana. Mukhoza kupezeka mwabwezedwa m'mbuyo machaputala awiri. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta: mukuyamba kumva zimene mwamva kale, kapena mphindi zotsala pa tsamba la buku zikusiyana pa zipangizo ziwirizo.

Njira yake ndi kutsata ndondomeko imodzi nthawi zonse. Imitsani buku pa chipangizo choyamba ndi batani loimitsira, osati kungochotsa mahedifoni kapena kutseka pulogalamu. Onetsetsani kuti chili pa intaneti, ndipo ngati munatchera Offline mode mu Settings and privacy, izimitseni. Siyani pulogalamu ili yotsegula kwa kanthawi, theka la mphindi limandikwanira. Kenako tsegulani Spotify pa chipangizo chachiwiri, lowani mu Your Library, tsegulani bukulo, ndipo musanadine chilichonse yerekezani chaputala ndi mphindi ndi chithunzi chanu chija. Zikagwirizana, yambani. Zikasiyana, tsekani pulogalamu pa chipangizo chachiwiricho, itseguleninso, muonenso. Zikakanabe, sankhani chaputala ndi dzanja n'kukokera kamzere ka nthawi pa mphindi yoyenera. Gawo limene mwalidumpha osalimva silichotsedwa pa maola anu.

Zipangizo zonse zikakhala pafupi, pali njira yachidule imene ndimaikonda kuposa zonse, ya Spotify Connect. Buku likulira pafoni, dinani kachithunzi ka sipika ndi sikirini pansi pa sikirini yoseweretsera, ndipo sankhani laputopu, wailesi ya kanema kapena sipika pa mndandanda umene ubwere. Mawu amasamuka pa sekondi yomweyo, chifukwa simukuyamba kumvetsera kwatsopano, mukungosintha kotulukira mawu. Pobwerera chitani chimodzimodzi, sankhani foni pa mndandandawo musanatuluke m'nyumba. Chipangizo chikapanda kuoneka, onani ngati chayatsidwa, ngati chalowa ndi akaunti yomweyo, ndipo kwa sipika, ngati ili pa wayifayi imodzi ndi foni. Masipika ena akale amalandira nyimbo koma mabuku amawakana. Zikatero lumikizani ndi Bluetooth, foni ikhale yoseweretsa, sipika ingotulutsa mawu.

Mukasamuka, yang'ananinso liwiro. Musaganize kuti 1.5x ya pafoni yakutsatirani, kapena kuti laputopu ili pa 1x pamene mwana anaisiya pa 2x.

Za ulendo wa kumudzi

Amene muli ndi akaunti ya ku Britain kapena ku Ireland ndipo mukupita kutchuthi ku Malawi, mabuku anu amapita nanu, poti Premium imagwira ntchito paulendo ndipo dziko la akaunti silisintha chifukwa chokwera ndege. Dawunilodani buku lonse pa wayifayi musananyamuke, podina muvi woloza pansi pa tsamba lake, ndipo dikirani mpaka machaputala onse aonetse kuti alowa. Yesani kenako: ikani foni pa Airplane mode, tsegulani chaputala chomaliza kwa masekondi ochepa, mubwerere pamalo anu. Zodawuniloda zimaloledwa pa zipangizo zisanu, ndipo chilichonse chiyenera kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30, apo ayi zimachotsedwa. Kabandulo kakang'ono ka tsiku limodzi kamakwanira, ndipo ndi bwino kukagula tsiku lanu lolipira litangodutsa, kuti foni idziwe kuti maola atsopano abwera. Pa ulendo wonsewo mvetserani pa chipangizo chimodzi chokha. Mukabwerera, foni ikhale yoyamba kulumikizana ndi wayifayi ya kunyumba, Spotify ili yotsegula, laputopu isanayatsidwe.